Dzino lobenthuka ndi mpata wa mano pa chithunzi: njira iti imasiya nkhope ili ya mwini wake?

Mwezi wa Disembala ntchito imatipanikiza mu kasitudiyo kanga ku Highfield mumzinda wa Harare, chakufupi ndi Machipisa. Kumakhala maukwati, ana omaliza maphunziro, ndi zithunzi zimene anthu amafuna kutumizira abale kumudzi ku Malawi. Tsiku lina kunabwera mayi ena a mumpingo mwathu mwa CCAP, atatchena chitenje chatsopano ndi duku lake, akufuna chithunzi chachikulu cha A3 choti ana awo akachipachike pabalaza pokondwerera kuti akwanitsa zaka 60. Anamwetulira bwino kwambiri. Koma titayang'ana pa sikirini, dzanja lawo linathamangira kukamwa.

"Mwana wanga, dzino ili undikonzere. Ndinaluma mwala m'nyemba chaka chatha. Koma kampata aka usakakhudze, n'ka malemu mayi anga."

"Ndamva, mayi. Ndikonza pobenthukapo pokha."

Mayiwa anali atasiyanitsa kale zinthu ziwiri zimene ojambula ambiri timaziphatikiza. Kubenthuka kwa dzino ndi ngozi, kunabwera dzana, ndipo mwini wake sakuzindikira ngati mbali ya nkhope yake. Mpata wa pakati pa mano akutsogolo munthu amakula nawo, ndipo achibale amamudziwira pomwepo. Pa chithunzi chawo zonse ziwiri zinali pamalo amodzi: dzino lalikulu lakumwamba, la kumanzere kwawo, linabenthuka pa ngodya yam'munsi yoyang'ana kumpatako, moti mpata umaoneka wopapatiza m'mwamba koma wotambasuka m'munsi. Ntchito inali yobwezera ngodya ija osatseka mpata. Ndinayesa njira zingapo pa chithunzi chomwecho, ndipo ndikufuna kufotokoza mmene iliyonse inachitira.

Yambani mwayeza dzino

Musanasankhe chida, dziwani kuti dzinolo lili ndi mapikiseli angati, timadontho tija timene timapanga chithunzi, chifukwa chiwerengero chimenechi n'chimene chimalamula njira yotheka. Dzino lalikulu lakutsogolo la munthu wamkulu limakhala pafupifupi mamilimita 8.5 m'mimba mwake ndi 10.5 m'litali. Kamera yanga imajambula mapikiseli 6000 kwa 4000, ndipo pa chithunzi cha mutu ndi mapewa ngati cha mayiwa dzino lija linali ndi mapikiseli 90 m'mimba mwake ndi 110 m'litali. Pobenthuka panali mapikiseli 20, kutanthauza mamilimita awiri. Mpata nawo unali mapikiseli 20. Apa pali pogwira: mutha kuona mtundu wa dzino ukusintha kuchokera ku nkhama kupita kunsonga, ndipo mutha kupeza pomwe mungatenge zobwezeretsera.

Chithunzi chomwecho chikadutsa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimafinyidwa mpaka mbali yaitali kutsala mapikiseli pafupifupi 1600. Dzino la 90 lija limatsala 24, pobenthuka n'kutsala 5. Pamenepo mulibe chojambula, mumangosuntha timadontho tochepa tomwe tadetsedwa kale ndi kufinyidwa kwa JPEG. Makasitomala a ku Mabvuku kapena ku Epworth omwe safuna kukwera kombi kubwera kuno ndimawapempha kuti atumize chithunzi ngati Document, kuti chifike chathunthu mmene chinatulukira mu kamera kapena mu foni.

China choti muchite musanayambe ndi kutsegula leya yopanda kanthu, yomwe ili ngati pepala loonekera loyalidwa pamwamba pa chithunzi, kuti chilichonse chimene mukonze chikhale pa leya imeneyo. Chithunzi chenicheni chisakhudzidwe. Tidzachifuna kumapeto poyesa ngati nkhope yasintha.

Burashi yochiritsa, pa kompyuta ndi pa foni

Aliyense amayamba ndi imeneyi chifukwa ndi yachangu. Mu Photoshop ndi Spot Healing Brush ndi Healing Brush, mu GIMP ndi Heal, pa foni mu Snapseed ndi Healing. Pochotsa chiphuphu patsaya palibe choposa chida chimenechi. Chimatenga kaonekedwe ka khungu pamalo ena, kenako mtundu ndi kuwala n'kuzitenga m'mphepete mwa pomwe mwapaka, kuti chigamba chisungunukire mu zozungulira.

Kusungunuka kumeneku n'kumene kumaononga pa dzino. Ngodya yobenthuka ili pamalire a zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, dzino loyera ndi mdima wa m'kamwa. Burashi ikagwira mbali zonse ziwiri imasakaniza, ndipo chimene chimatuluka ndi chibanga chotuwa ngati phulusa, chopanda m'mphepete. Pa chithunzi cha mayiwa zinafika poipa chifukwa mdima unali mbali ziwiri, m'munsi mwa dzino ndi mumpata muja. Nditadina kamodzi ngodya inaoneka ngati dzino lowola. Nditadina kachiwiri burashi inakoka zoyera za dzino linzake n'kuzipaka mumpata, ndipo theka la kampata ka malemu mayi awo linazimirira.

Sindikunena kuti chida chimenechi chilibe ntchito pa mano. Ngati vuto ndi kamng'alu kopyapyala pakati pa dzino, kapena kadontho kofiirira kutali ndi m'mphepete, burashi yaing'ono ya mapikiseli 8 kapena 10 imachotsa bwino. Mutha kuitsekeranso malire posankha kaye dera la dzino lokha ndi Lasso, kuti mdima ukhale kunja kwa mzere. Koma kumanga ngodya yomwe kulibe sichingathe, chifukwa sichidziwa kuti dzino limathera pati. Pa Snapseed vuto limakula chifukwa simungasankhe komwe chigamba chichokere, ndiponso chala chimaphimba dzino lonse. Ngati foni ndiyo yokha muli nayo, Lightroom ya pa foni ili ndi Clone yomwe imakulolani kusuntha kochokera, ndipo imeneyo ndi yabwinoko.

Kukopera ndi Clone Stamp

Clone Stamp sisakaniza kanthu. Imangotenga mapikiseli pamalo amene mwasonyeza n'kuwaika pomwe mukupaka, ndiye malire a dzino mumawaumba nokha. Mu Photoshop mumadina S, n'kuika Sample pa Current & Below kuti muzipaka pa leya yopanda kanthu ija, kenako mumagwira Alt n'kudina pomwe mukufuna kutengera. Mu GIMP chida chake ndi Clone, ndipo pochokera mumasonyeza mutagwira Ctrl.

Chinsinsi chake ndi komwe mukutengera. Dzino silikhala la mtundu umodzi. Kufupi ndi nkhama limakhala lachikasu pang'ono, pakati ndi loyera, ndipo kunsonga limapyapyala moti kuwala kumadutsa, n'kumaoneka lotuwira kapena lobiriwira pang'ono ngati m'mphepete mwa mbale yadothi yopyapyala. Mukatenga zoyera za pakati n'kuzipaka pa ngodya, ngodyayo imawala kuposa nsonga yonse ndipo imaoneka ngati mwamatapo ufa. Tengerani m'mbali, pa msinkhu womwewo wa nsonga, ndipo yambirani pa mzere weniweni wa m'munsi mwa dzino. Ikani pakati pa burashi ndendende pa mzere umenewo pomwe dzino lili labwinobwino, gwirani Alt n'kudina, kenako yambani kupaka pa mzere womwewo pobenthukapo. Mukatero malire a zoyera ndi mdima amapitirira okha, ali ndi kufewa kumene kamera inawapatsa.

Ine ndimagwiritsa burashi ya mapikiseli 10 mpaka 14 pa dzino la 90, Hardness pafupifupi 50%, Opacity 100% pomanga malire, kenako 30% posalaza polumikizira. Burashi yofewa kwambiri imapanga nkhungu m'mphepete, yolimba kwambiri imadula ngati lumo. Mukulitse sikirini mpaka 300% pogwira ntchito, koma muzibwerera ku 100% kawirikawiri, chifukwa pa 300% munthu amayamba kukonza zinthu zimene palibe adzazione.

Kwa kubenthuka kwakung'ono pakati pa nsonga, kosapitirira mapikiseli 10 pa dzino lotere, njira imeneyi imakwana ndipo simatha mphindi zisanu. Pa mayi aja inandipatsa mzere wabwino wa m'munsi, koma inalephera pa ngodya yeniyeniyo. Ngodya ya dzino ndi yopindika, ndipo pa dzino lobenthukalo panalibe popindika pena pofanana napo poti n'kutengera. Ngodya ya mbali inayo, yoyang'ana ku dzino laling'ono, imakhala yobulungira kwambiri kuposa ya kumpata, yomwe imakhala pafupifupi yamakona. Nditayesa kuiumba ndi dzanja inatuluka yosongoka, ndipo dzino linaoneka ngati lodulidwa ndi sizasi. Ndinaonanso kadontho kamodzi ka pa dzino katabwerezedwa katatu motsatizana, chizindikiro chodziwika cha Clone Stamp mukaiwala kusintha pochokera.

Kubwereka ngodya ku dzino linzake

Iyi ndi njira imene ndinagwiritsa pamapeto, ndipo ndi imene ndimaikhulupirira pa ngodya iliyonse yobenthuka. Mano awiri akutsogolo ndi mapasa otembenuzana. Ngodya imene yasowa pa lina ilipo pa linzake, ndipo ndi ya munthu yemweyo, mtundu womwewo, yojambulidwa ndi kuwala komweko pa mphindi yomweyo. Palibe chopeka.

Ndinatenga Lasso, Feather nditaika pa 1 px, n'kuzungulira ngodya yam'munsi ya dzino labwino, ya kumpata. Sindinatenge dzino lonse. Ndinatenga kachigawo ka mapikiseli ngati 40 kwa 40, kokulirapo kuposa pobenthuka, pamodzi ndi kamdima pang'ono ka kunja kwa malire. Kamdima kameneka n'kofunika chifukwa ndi kamene kamasunga kufewa kwa m'mphepete. Ndikadadula ndendende pa mzere wa dzino ndikadataya mapikiseli awiri kapena atatu aja omwe ali pakati pa kuyera ndi kuda, ndipo diso limazindikira msanga akasowa. Kenako ndinatsata izi, leya ya chithunzi chenicheni itasankhidwa:

```
Ctrl+J
Edit > Transform > Flip Horizontal
Layer > Layer Mask > Hide All
```

Lamulo loyamba limakopera kachigawoko pa leya yakeyake. Lachiwiri limakatembenuza kuti kamanja kakhale kamanzere. Ndisanachite lachitatu ndinatsitsa Opacity ya leya kufika 50% kuti ndizitha kuona dzino lobenthuka kudzera m'kachigambako, n'kukasuntha mpaka mizere iwiri itagwirizana: mzere wa m'munsi mwa dzino ndi mzere wa m'mbali woyang'ana kumpata. Apa m'pamene pamafunika kuleza mtima. Mayi anali atapendeketsa mutu pang'ono, choncho ndinayenera kuzunguza kachigamba madigiri ngati anayi. Nkhope yawo inalinso itatembenukira pang'ono kumanzere kwawo, ndiye dzino lobenthukalo linali kutaliko ndi kamera ndipo limaoneka lopapatiza kuposa linzake. Ndinapanikiza kachigamba m'mbali kufika pa 94%. Munthu akatembenuka kwambiri, moti dzino lina likuoneka theka la linzake, njira imeneyi imayamba kuvuta chifukwa mukuona mano awiriwo kuchokera mbali zosiyana.

Mizere itagwirizana ndinabwezera Opacity pa 100%, n'kubisa leya yonse ndi Hide All, kenako ndi burashi yoyera ya mapikiseli 12 ndinapaka pa chophimba cha leyayo, Layer Mask ija, pobenthuka pokha. Kachigamba kanaonekera pomwe pakufunika basi, ndipo dzino lonse lotsala linakhala lenileni la mayi.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri pa njira imeneyi ndi kuwala. Mukatembenuza dzino mwatembenuzanso kuwala kwake. Nyale yanga yaikulu inali kumanja kwa mayi. Pa dzino labwino, ngodya ya kumpata inali mbali yobisika ku nyale, choncho inali ndi kamthunzi. Pa dzino lobenthuka, ngodya ya kumpata inali yoyang'ana kunyale, ndipo imayenera kuwala. Kachigamba kanga kanafika ndi mthunzi wake pamalo oyenera kuwala, n'kuoneka ngati chidetso. Ndinayeza ndi Eyedropper: pafupi ndi pobenthuka dzino linali R 226, G 214, B 194, pomwe kachigamba kanali kotsikirapo ndi 12 kapena 14 pa chilichonse. Ndinaika Curves, chida chosinthira kuwala, pamwamba, n'kuimangirira ku kachigamba kokha ndi Ctrl+Alt+G, kenako n'kukweza pakati pa mzere pang'onopang'ono mpaka manambala atayandikana. Simufunika kuti afanane ndendende. Akasiyana ndi 3 kapena 4 diso silizindikira.

Ichi n'chifukwa chake sindilangiza kukopera dzino lonse, ngakhale kuti n'kosavuta. Dzino lathunthu limabwera ndi kadontho kake kowala ka nyale, ndipo mukalitembenuza timadontho tiwiri timayang'anizana, kamodzi kumanja kena kumanzere, ngati kuti munali nyale ziwiri zomwe sizikuoneka m'maso mwa munthuyo. Komanso mano enieni safanana ndendende. Lina limakhala lotalikirapo pang'ono, lina lopendekera. Akafanana ngati pagalasi, wachibale amaona kuti pakamwa pali chachilendo ngakhale sangaloze kuti n'chiyani.

Chotsala chinali timchenga ta chithunzi. Kuzunguza ndi kupanikiza kumasalaza mapikiseli, ndipo kachigamba kamaoneka koterera pakati pa dzino lokhala ndi timchenga ta kamera. Ndinathira Filter > Noise > Add Noise pa 1.5%, Gaussian, Monochromatic, pa leya ya kachigamba yokha. Ntchito yonse inanditengera mphindi ngati khumi ndi zisanu, ndipo mpata unabwerera kukhala wofanana kuchokera m'mwamba mpaka m'munsi.

Chithunzi china cha munthu yemweyo

Nanga ngati mano onse awiri abenthuka, kapena linzakelo linazulidwa? Apa mapasa palibe, ndiye mumafunafuna dzino pa chithunzi china. Chakale chojambulidwa ngozi isanachitike chimathandiza kukuonetsani mmene dzino linalili, ngakhale chitakhala chaching'ono choti simungadulemo kanthu. Mumachiika pambali ngati chitsanzo n'kumaumba ndi Clone Stamp mukuyang'ana. Kudula dzino m'chithunzi chakale n'kuliika m'chatsopano n'kotheka, koma kuwala, mtundu ndi kupendekera kwa mutu zimasiyana zonse nthawi imodzi, ndipo ntchito ya Curves imachuluka.

Mano a munthu wina musawaike. Ndaonapo zithunzi za ukwati m'nyumba za anthu zomwe mkwatibwi anapatsidwa kamwa la munthu wachilendo. Mano amayenderana ndi milomo, ndi nkhama, ndi kukula kwa chibwano, ndipo akakhala obwereka nkhope yonse ya m'munsi imasintha.

Kwa inu amene mumajambula nokha, njira yotsika mtengo kuposa zonse ili mu situdiyo momwemo. Mukaona dzino lobenthuka musanadine, mutembenuzeni munthu pang'ono kuti dzinolo likhale kutali ndi kamera, kapena mupempheni amwetulire moti mlomo wam'munsi ungokhudza nsonga za mano. Jambulani zambiri. Nthawi zina pa zithunzi makumi awiri pamapezeka chimodzi chomwe mlomo waphimba pobenthuka wokha, ndipo pamenepo palibe chokonza.

Mpata: kuusiya, kuuchepetsa kapena kuutseka

Zaka zapitazo, ndikuyamba kumene ntchitoyi, ndinajambula mtsikana wina yemwe anamaliza maphunziro ake ku yunivesite ku Mount Pleasant. Anali ndi mpata waukulu ndithu, ndipo popanda kumufunsa ndinautseka, poganiza kuti ndikumuchitira zabwino. Patapita masiku awiri anabwera ndi agogo ake aakazi atanyamula felemu. Agogowo anaiika patebulo panga mwaulemu.

"Bambo, mwana uyu ndi wokongola, koma si mdzukulu wanga. Mpata uja ndi wa kwathu ku Dedza, tonse a bere lathu tili nawo."

Anamwetulira kuti ndione, ndipo unalipodi. Ndinasindikizanso ndi ndalama zanga. Kuyambira tsiku limenelo sindikhudza mpata mwini wake asananene yekha, ndipo akanena ndimamufunsa ngati akufuna uchepe kapena uthe. Ambiri ndikawaonetsa zonse ziwiri pa sikirini amasankha wochepetsedwa. Kwathu, ngatinso m'madera ambiri a mu Africa muno, mpata wa mano anthu amauyesa kukongola.

Palinso chifukwa cha masamu chimene kutseka kumaonongera nkhope. Malo a mpata ayenera kudzazidwa ndi chinachake. Tengani manambala a mayi aja: mpata wa mapikiseli 20, mano a 90 kwa 110. Kuti mpata uthe, dzino lililonse liyenera kunenepa ndi mapikiseli 10 n'kufika 100. Poyamba m'mimba mwa dzino munali 82% ya litali lake, tsopano mwafika 91%. Dzino lasanduka pafupifupi la mbali zinayi zofanana, ndipo mano aang'ono a m'mbali, omwe mwachibadwa amakhala opapatiza komanso ofupikirapo, ayamba kuoneka ngati a mwana. Mukati musunthe mano awiriwo kuti akumane osawanenepetsa, mwatsegula mipata iwiri yatsopano m'mbali mwake, ndipo muyenera kusunthanso enawo mpaka mwafika pa ngodya za milomo. Nkhama nazo zimakana. Pamwamba pa mpata nkhama imakhala yotambalala ndi yosasongoka, pomwe pakati pa mano ogundana imatsika ngati kansonga. Mukatseka mano n'kusiya nkhama yotambalala, pamatsala kabowo kakuda m'mwamba kapena nkhama yooneka yotupa.

Munthu akafunitsitsa kuti mpata uchepe, chida chake ndi Liquify, yomwe imatsegulidwa ndi Shift+Ctrl+X, ndipo muigwiritse pa leya yokopera chithunzi kuti chenichenicho chisakhudzidwe. Mu GIMP chofanana nacho ndi Warp Transform. Chida chimenechi chimakankha mapikiseli ngati dothi lonyowa, ndipo n'chifukwa chake n'choopsa pa nkhope: burashi ikakula pang'ono imakoka mlomo wam'mwamba, kamzere ka pansi pa mphuno kamapindika, ndipo kumwetulira kumasintha. Choyamba tengani Freeze Mask Tool n'kupaka milomo yonse, nkhama, mano a m'mbali ndi theka lakunja la mano awiri akutsogolo. Zonse zopakidwa zofiira sizisuntha. Kenako ndi Forward Warp Tool, burashi ya mapikiseli ngati 60 pa dzino la 90, Pressure yotsika pakati pa 10 ndi 20, kankhani m'mphepete mwa dzino lililonse kulowera kumpata, pang'onopang'ono kuchokera m'mwamba kutsika, kuti mzere ukhale wowongoka. Mukakankha pamalo amodzi dzino limatuluka chimimba.

Malire anga ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mpata wa 20 utsike kufika 13 kapena 14, dzino lililonse litanenepa ndi mapikiseli atatu kapena anayi okha. Pamenepo mpata sukopanso maso, koma munthu akadali yemweyo. Mu Liquify momwemo muli gawo la Face-Aware Liquify, lomwe linabwera mu 2016, lokhala ndi Smile, Mouth Width, Upper Lip ndi zina. Zimenezo musazikhudze pa ntchito ngati iyi, chifukwa zimasuntha milomo ndi masaya, zinthu zomwe tikufuna kuti zikhale mmene zilili.

Pa ngodya yobenthuka Liquify si yabwino. Mutha kukoka dzino kuti litsike kudzaza pobenthuka, koma mapikiseli amatanuka, timchenga timasanduka timizere, ndipo mtundu wa pakati pa dzino umatsikira kunsonga.

Mayesero ena amabwera mukamaliza kukonza: kuyeretsa mano onse popeza muli pomwepo. Pa khungu lakuda mano amaoneka owala kale chifukwa cha kusiyana kwa mitundu, ndipo mukawonjezera amayamba kunyezimira ngati mapepala. Ngati mwini wake wapempha, Hue/Saturation pa Yellows, Saturation itatsika ndi 20 kapena 25, pa mano okha, n'zokwanira, ndipo Lightness muisiye. Mano osongoka a m'mbali aja mwachibadwa ndi achikasu kuposa akutsogolo, ndipo ayenera kutsala choncho. Zithunzi za pasipoti ndi za chitupa sindizikonza n'komwe, ngakhale kadontho, chifukwa zimenezo zimayenera kuonetsa munthu mmene alili.

Kudziwa ngati nkhope yasintha

Diso limatopa mukayang'ana dzino limodzi kwa mphindi makumi awiri, ndipo limayamba kuvomereza chilichonse. Choncho ndili ndi mayeso omwe sadalira diso. Ndimaphatikiza zonse zimene ndakonza pa leya imodzi yatsopano ndi Ctrl+Alt+Shift+E, n'kuzimitsa maleya a pakati kuti itsale iyo ndi chithunzi choyambirira, kenako n'kusintha Blend Mode yake kukhala Difference. Paliponse pomwe zithunzi ziwirizo zikufanana pamada bii. Pomwe pasintha pamawala. Pa chithunzi cha mayi sikirini yonse inada kupatula kachidutswa kakang'ono ka makona atatu pa ngodya ya dzino. Mukaona mlomo ukuwala, kapena kamzere kakuzungulira mphuno, dziwani kuti Liquify kapena burashi yanu inadutsa malire. Kusintha kochepa kumabisala mumdimawo, ndiye mutha kuika Levels pamwamba n'kukokera kansonga koyera kumanzere kuti tonse tobisika tionekere.

Mayeso achiwiri ndi kutembenuza chithunzi chonse ndi Image > Image Rotation > Flip Canvas Horizontal. Nkhope ikatembenuka ubongo umaiona ngati yatsopano, ndipo dzino lopendekera kapena ngodya yowala mopitirira imadzionetsa nthawi yomweyo. Musaiwale kuchibwezera musanasunge. Achitatu ndi kusindikiza kachigawo ka pakamwa pokha pa kukula kwenikweni, pa pepala laling'ono, musanalipire A3 yonse. Pa 300 ppi pepala la A3 limafuna mapikiseli 3508 kwa 4961, ndiye dzino la 90 lija limatuluka pafupifupi kukula kwa dzino lenileni, ndipo munthu woimirira pafupi ndi khoma amaliona bwinobwino. Pepala limaonetsa kusiyana kwa chikasu komwe sikirini yowala imabisa.

Mayi aja anabwera Loweruka masana ndi mwana wawo wamkazi kudzatenga. Ndinawaonetsa kaye kapepala kakang'ono kaja. Anakayandikiza kumaso, n'kukatalikitsa, kenako anapatsa mwana wawo osanena kanthu.

"Amayi, ndi lija la kumanja kapena la kumanzere?" mwanayo anafunsa, akuyang'ana kapepala kenako pakamwa pa mayi ake.

Mayi anatsegula milomo n'kumulozera ndi chala. Anandifunsanso ngati dokotala wa mano angachite zomwezo pa dzino lenilenilo, ndipo ndinawauza kuti inde, ngodya yaing'ono chonchi amaimata ndi phala loyera lofanana ndi mtundu wa dzino, lomwe amaliumitsa ndi kanyale ka buluu, kawirikawiri pa ulendo umodzi. Anati akafunsa mtengo chikondwerero chikadutsa. Tinakulunga felemu m'nyuzipepala, mwana wawo anainyamula m'khwapa, ndipo ananyamuka kukakwera kombi ya ku Mufakose.